Mkwamba m'malo mwa msinkhu: kuyeza munthu amene sangathe kuimirira mowongoka

Mkwamba ndi mtunda wochokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja limodzi kukafika kunsonga ya chala chapakati cha dzanja linalo, munthu atatambasula mikono yonse iwiri molingana ndi mapewa. Ndi muyezo womwe uja umene anthu akale ankayezera nsalu pogula, ndipo asodzi amayezerabe zingwe. Kuchipatala, mkwamba umagwiritsidwa ntchito pofuna kudziwa msinkhu wa munthu amene sangathe kuimirira bwino pathabwa loyezera kutalika. Anthu otere ndi monga agogo opindika msana, munthu amene chifuwa chachikulu chinamudya mafupa a msana mpaka kutuluka linunda, wopuwala miyendo ndi poliyo, wodulidwa mwendo, kapena wodwala amene wafooka kwambiri moti miyendo siingamunyamule.

Msinkhu umafunika kwambiri powerengera BMI, nambala imene imasonyeza ngati kulemera kwa munthu wamkulu kukugwirizana ndi kutalika kwake. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Msinkhu wa munthu m'mamita umachulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, kenako kulemera kwake m'makilogalamu kumagawidwa ndi yankho limene latuluka. BMI yoyambira 18.5 mpaka 24.9 imasonyeza kuti thupi lili bwino. Ikatsika kuposa 18.5 ndiye kuti munthuyo ndi woonda kupitirira muyezo, ndipo ikatsika kuposa 16 ndiye kuti kunyentchera kwafika poopsa. M'zipatala za m'dziko muno nambalayi imathandiza kusankha amene angolangizidwa za kadyedwe, amene apatsidwe ufa wa phala, ndi amene ayenera kulandira chiponde. Popeza msinkhu umalowa kawiri m'samu imeneyi, kuphonya masentimita ochepa chabe kumasuntha yankho kwambiri.

Chifukwa chimene mikono ingathe kuimira msinkhu chili m'mafupa. Munthu akamakalamba amafupika, koma kufupikako kumachitikira kumsana. Timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana timauma n'kuphwa, mafupawo amafooka n'kuyamba kuphwanyika pang'onopang'ono, ndipo msana umawerama. Kafukufuku wa m'maiko ena amene anatsata anthu omwewo kwa zaka zambiri anapeza kuti pofika zaka 80, abambo amakhala atafupika ndi masentimita pafupifupi 5, pamene amayi amafupika ndi masentimita pafupifupi 8. Mafupa aatali a m'mikono sachita zimenezi. Munthu akangomaliza kukula, utali wa mikono yake umakhala womwewo mpaka ukalamba. Choncho mkwamba wa agogo a zaka 75 umasunga msinkhu umene iwo anali nawo ali ndi zaka 25, ngakhale kuti lero akuyenda atawerama ndi ndodo.

Okalamba opindika msana si ochepa m'midzi ya m'Malawi. M'chaka cha 1998, Dorothy Chilima ndi Suraiya Ismail anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anayeza anthu pafupifupi 300 a zaka zoyambira 55, m'midzi ya m'boma la Lilongwe. Pafupifupi mmodzi mwa anthu 6 alionse anali wopindika msana. Kumalo ngati Mwenilondo, m'mbali mwa msewu wa M1 kumwera kwa tauni ya Karonga, mlangizi wa zaumoyo amakumana ndi anthu otere pafupipafupi: amayi amene akhala moyo wonse akusenza mitolo ya nkhuni ndi kuwerama m'munda, ndi abambo amene mawondo awo analimba ndi nyamakazi. Akaimikidwa pathabwa, chidendene, matako, mapewa ndi nkhongo sizikhudza thabwalo pamodzi monga zimayenera. Nambala imene imatuluka pamenepo ndi yaifupi kuposa msinkhu weniweni, ndipo BMI yake imakwera mwabodza. Munthu woonda amaoneka ngati ali bwino.

Kayezedwe ka mkwamba kamafuna zinthu zochepa: khoma losalala, tepi yosatamuka, choko, ndi anthu awiri. Munthu woyezedwayo amavula jekete kapena chovala china cholemera, n'kuimirira kapena kukhala pabenchi atatsamiza msana kukhoma. Mikono imatambasulidwa mpaka italingana ndi mapewa, zikhatho zitayang'ana kutsogolo, zigongono zitawongoka, zala zitatambasuka. Njira yapafupi ndi kumuika pafupi ndi ngodya ya chipinda kuti chala chapakati cha dzanja limodzi chikhudze khoma la m'mbali. Wothandiza amaonetsetsa kuti chalacho sichikuchoka pakhomapo, pamene woyezayo akulemba chizindikiro ndi choko pamene pathera chala chapakati cha dzanja linalo. Munthuyo akachoka, tepi imayalidwa pakhoma kuchokera pangodya kukafika pachizindikiro. Muyezo umatengedwa kawiri. Ngati nambala ziwirizo zasiyana ndi theka la sentimita kapena kuposa, pamafunika kuyezanso kachitatu.

Zolakwika zofala pa ntchitoyi pafupifupi zonse zimafupikitsa mkwamba, ndipo diso lozolowera limaziona msanga. Munthu wokalamba amatopa mikono pakangopita kamphindi, ndiye manja amayamba kutsika pang'onopang'ono woyeza ali kalikiliki kufuna choko. N'chifukwa chake wothandiza amachirikiza chigongono kunsi ndi chikhatho chake, osati kukoka. Nthawi zina mapewa amakhala atagwera kutsogolo, moti kumbuyo kwa manja sikukhudza khoma. Nthawi zinanso chigongono chimapindika pang'ono mkati mwa malaya a manja aatali. Cholakwika chimodzi chokha ndicho chimatalikitsa muyezo, ndipo ndi tepi yoyalidwa pachifuwa, imene imakwera ndi kutsika motsata thupi m'malo moyenda mowongoka. Zikhadabo zazitali siziwerengedwa. Tepi imathera pamnofu wa chala.

Munthu wina amakhala ndi mkono umodzi wokha wabwino, mwina chifukwa cha sitiroko, kuthyoka kwakale, kapena phewa louma. Apa amayeza theka la mkwamba. Pansi pa khosi, pamene mafupa awiri opingasa a pamwamba pa chifuwa amakumana, pali kadzenje kamene chala chimatha kulowamo. Pakati pa kadzenjeka ndiye pakati pa thupi. Tepi imayambira pamenepo kukafika kunsonga ya chala chapakati cha dzanja labwinolo, ndipo nambala yake imachulukitsidwa ndi 2. Njirayi imathekanso kwa wodwala amene wagona chagada pabedi, malinga mkonowo wautambasulira kumbali ndipo wina akuuchirikiza. Chofunika kukumbukira n'chakuti cholakwika chilichonse chimachulukitsidwanso ndi 2. Kuphonya sentimita imodzi pathekali kumabala masentimita awiri pamkwamba wonse.

Mabuku ena amatchula muyezo wofanana nawo umene umayambira pakadzenje komweko koma n'kuthera pamphanda ya chala chapakati ndi chala chotsatana nacho cha kumbali ya kachala kakang'ono. Muyezo umenewu unafalitsidwa ndi Joan Bassey wa ku Nottingham m'dziko la England m'chaka cha 1986, ndipo uli ndi samu yakeyake. Suchulukitsidwa ndi 2. Amene angausokoneze ndi theka la mkwamba amataya utali wa zala ziwiri zapakati, zomwe ndi masentimita pafupifupi 15.

Mkwamba ukayezedwa, nkhani yaikulu ndi ya kuusandutsa msinkhu. Anthu ambiri anaphunzira kuti mkwamba wa munthu ndi wofanana ndendende ndi msinkhu wake. Mfundoyi ndi yakale. Katswiri wa zomangamanga wa ku Roma, Vitruvius, anailemba zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo cha m'ma 1490 Leonardo da Vinci anajambula chithunzi chotchuka cha mwamuna wotambasula mikono ali mkati mwa bokosi la mbali zinayi zofanana. Kwa azungu ambiri mfundoyi siili kutali ndi zoona, chifukwa mkwamba wawo umaposa msinkhu ndi masentimita ochepa okha. Kwa anthu a kuno ku Africa sizili choncho. Mikono ndi miyendo yawo ndi yaitali poyerekeza ndi thunthu la thupi, ndipo mkwamba umaposa msinkhu ndi mtunda woti sungangonyalanyazidwa.

Zimenezi zinayezedwa m'Malawi momwe muno. M'chaka cha 2003, Yuriy Zverev wa kusukulu ya madokotala ya College of Medicine ku Blantyre anasindikiza kafukufuku wa anthu akuluakulu 270 amene anawayeza msinkhu ndi mkwamba womwe. Kwa amayi, mkwamba unkaposa msinkhu ndi masentimita pafupifupi 10. Kwa abambo kusiyanako kunali pakati pa masentimita 11 ndi 12. Patapita zaka ziwiri, Zverev ndi John Chisi anayeza ana a sukulu a zaka 6 mpaka 15 ku Blantyre komweko, ndipo anapeza kusiyana kwa masentimita pafupifupi 5. Tanthauzo lake n'lakuti kutenga mkwamba wa Mmalawi wamkulu n'kuulemba ngati msinkhu ndi kumuwonjezera munthuyo masentimita 10 kapena kuposa amene sanakhalepo nawo chibadwire. Msinkhu ukakwera chonchi, BMI imatsika mwabodza, ndipo munthu wabwinobwino amaoneka wonyentchera.

Chitsanzo chimodzi chikhoza kuonetsa kukula kwa vutoli. Tiyerekeze mayi wa zaka za m'ma 70 wa ku Mwenilondo, wopindika msana, amene wabwera kuchipatala akudandaula kuti sakufuna kudya ndipo zovala zayamba kumukulira. Pasikelo akulemera makilogalamu 42. Ataimikidwa pathabwa, mutu uli patsogolo ndipo mawondo ali opinda, thabwa likusonyeza masentimita 148. Pakhoma, mkwamba wake wakwana masentimita 165.

Ngati woyeza akhulupirira thabwa, achulukitsa 1.48 ndi 1.48 n'kupeza 2.19. Akagawa 42 ndi 2.19, BMI ikutuluka 19.2. Malinga ndi nambala imeneyi mayiyu ali bwino, ndipo abwerera kunyumba ndi malangizo okha. Ngati woyeza atenga mkwamba wonse ngati msinkhu, achulukitsa 1.65 ndi 1.65 n'kupeza 2.72, ndipo BMI ikutuluka 15.4. Tsopano mayi yemweyo, tsiku lomwelo, walowa m'gulu la onyentchera koopsa. Njira yachitatu ndiyo yoyenera. Pamkwamba wa 165 pachotsedwe masentimita 10, patsale 155. Kuchulukitsa 1.55 ndi 1.55 kukupereka 2.40, ndipo BMI ikutuluka 17.5. Mayiyu ndi woonda kupitirira muyezo, afunika chakudya chowonjezera ndi kufufuza chimene chikumuondetsa, koma sanafike poopsa penipeni. Mayankho atatuwa achokera pa munthu mmodzi ndi sikelo imodzi, ndipo lililonse likanamutengera ku chithandizo chosiyana.

Ngakhale yankho lachitatuli lili ndi malire ake. Masentimita 10 aja ndi apakatikati chabe. M'kafukufuku wa ku Blantyre anthu ambiri ankasiyana ndi nambala yapakatiyo ndi masentimita mpaka 5 kumtunda kapena kumunsi, ndipo ena ankaposa pamenepo. Ndiye kuti msinkhu wa mayi uja ali mtsikana ukhoza kukhala 150 kapena 160. Ndi 150, BMI yake ndi 18.7. Ndi 160, BMI yake ndi 16.4. Mkwamba umalondola bwino kwambiri pamene ukuyeza gulu la anthu, monga pa kalembera wa okalamba a m'dera lonse, chifukwa zolakwika za uyu ndi uyo zimafafanizana. Pa munthu mmodzi umangosonyeza dera limene msinkhu uli, ndipo yankho likagwera pafupi ndi malire a 18.5 kapena 16, siliyenera kugamula lokha.

Umboni wachiwiri umene umapezeka msanga ndi kalamba koyezera kunenepa kwa mkono, komwe kaja amayezera ana kusikelo, koma kaakuluakulu. Kamazungulira pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo sikafuna msinkhu kapena sikelo. Ngati kalambako kakusonyeza mkono woonda ndipo BMI ya mkwamba ili pansi, maumboni awiriwo agwirizana. Ngati akutsutsana, ndi bwino kuyezanso mkwamba ndi kufunsa mbiri: kodi kulemera kwatsika bwanji poyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'buku la kuchipatala miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayo? Mapazi nawonso amafunika kuwadina ndi chala. Munthu wotupikana amalemera ndi madzi, ndipo BMI yake, kaya yathabwa kaya yamkwamba, siinena zoona.

Palinso funso lakuti nambala za ku Blantyre zikugwira bwanji ku Karonga. Kusiyana kwa mkwamba ndi msinkhu kumasintha malinga ndi mtundu wa anthu, ngakhale m'dziko limodzi. Ku Ethiopia, kafukufuku wa m'chaka cha 2002 anapeza kusiyana pakati pa mitundu inayi ya anthu a m'dzikomo. Nambala za ku Blantyre zili pafupi kwambiri ndi anthu a ku Mwenilondo kuposa matebulo ochokera ku Ulaya, koma chipatala chilichonse chikhoza kudzitsimikizira chokha popanda kuwononga ndalama. Pamangofunika kuyeza msinkhu ndi mkwamba wa anthu owongoka bwino a zaka za pakati pa 20 ndi 40, amayi paokha ndi abambo paokha, makumi angapo mbali iliyonse, n'kupeza kusiyana kwapakatikati. Achinyamatawa amasankhidwa chifukwa anamaliza kukula koma sanayambe kufupika. Nambala yotulukayo ikhoza kulembedwa pakhoma lomwelo loyezerapo.

Pali anthu amene mkwamba suwayenera konse, ndipo ku Karonga gulu limodzi ndi lodziwika bwino. Bomali linali ndi odwala khate ambiri, moti m'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA linayambitsa kafukufuku wamkulu wa matendawa ku Chilumba, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Karonga Prevention Study ndipo anayambanso kufufuza za chifuwa chachikulu. Khate linachepa kwambiri, koma ena mwa amene anachira, omwe lero ndi okalamba, anatsala ndi zala zokhota kapena zofupika. Pa manja otere palibe nsonga yodalirika yoyambira tepi. Ngati dzanja limodzi lili bwino, theka la mkwamba limathandiza. Ngati manja onse akhudzidwa, njirayi isiyidwe. Chimodzimodzinso munthu amene nyamakazi yapinda zala zake, wopsa ndi moto amene chipsera chinakoka chigongono, ndi mwana wopuwala ubongo amene mikono yake siiwongoka. Kukakamiza mkono wouma kuti uwongoke kumangopweteka munthu popanda kupereka nambala yoona.

Msana wopindika kwambiri nawonso umatha kusokoneza, chifukwa umakokera mapewa kutsogolo ndipo mikono siingagone pakhoma. Zikatere, theka la mkwamba loyezedwa mosamala limaposa mkwamba wonse. Matenda ena osowa amasinthanso kagwirizanidwe ka mikono ndi thunthu. Munthu wobadwa ndi vuto la mafupa lofupikitsa mikono ndi miyendo amakhala ndi mkwamba waufupi kuposa msinkhu, pamene wodwala matenda a Marfan amakhala ndi mikono yaitali modabwitsa. Mabuku a madokotala amati mkwamba woposa msinkhu ndi magawo 5 pa 100 ukhoza kukhala chizindikiro cha matenda a Marfan. Koma mwamuna wa masentimita 165 amene mkwamba wake ndi 176, monga zilili kwa Amalawi ambiri athanzi, wadutsa kale malire amenewo. Ichinso ndi chitsanzo cha muyezo wopangidwira kwina umene sungangotengedwa osaufunsa.

Pamene mikono yalephera, njira zina zilipo. Wodwala amene angathe kugona chagada mowongoka amangoyezedwa utali wake ali chigonere, monga amachitira ndi ana osakwana zaka ziwiri. Ena amayeza kuchokera pachidendene kufika pamwamba pa bondo, bondolo litapindidwa, kapena utali wa fupa la kuchokera pachigongono kufika pamfundo ya dzanja. Njira ziwirizi zimafuna matebulo, ndipo matebulo ambiri anapangidwa poyeza anthu a ku America ndi ku Ulaya, choncho chenjezo lomwe lija likugwiranso ntchito. Kwa ana osakwana zaka 5, mkwamba sulowa m'malo mwa thabwa, chifukwa pa zaka zimenezo mikono ndi thunthu zimakula pa liwiro losiyana.

Kupatula BMI, msinkhu wochokera kumkwamba umagwiranso ntchito popima mapapo. Mpweya umene munthu ayenera kutulutsa m'makina opimira mapapo umawerengedwa potengera msinkhu, zaka, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Kwa munthu wa linunda, msinkhu wa pathabwa umatsitsa mlingo woyembekezeka, ndipo mapapo opanikizika amaoneka ngati akugwira bwino ntchito. Mkwamba wokonzedwa bwino umaonetsa kukula kumene mapapowo akanakhala nako msana ukanakhala wowongoka.

Chotsiriza ndi kalembedwe. Popeza mkwamba wa munthu wamkulu susintha, umayezedwa bwino kamodzi ndipo nambala yake imagwira ntchito pa maulendo onse otsatira. M'buku la kuchipatala muyenera kulembedwa zinthu zitatu: mkwamba umene wayezedwa, masentimita amene achotsedwa, ndi msinkhu umene watuluka, pamodzi ndi mawu osonyeza kuti msinkhuwo wachokera kumkwamba. Kwa mayi wa m'chitsanzo chija, mzerewo ukhala wakuti mkwamba 165, kuchotsa 10, msinkhu 155. Popanda mzere umenewu, mwezi wamawa woyeza wina adzamuimika pathabwa n'kulemba 148, BMI idzakwera kuchoka pa 17.5 kufika pa 19.2, ndipo bukulo lidzasonyeza kuti mayiyo wachira pamene sikelo ikadali pa makilogalamu 42.